Randi Ikachoka ku Joni, Imafika Kumudzi Ili Zingati?

(Awa ndi mawu amene anayankhula mnzathu wina wogwira ntchito m'boma ku Lilongwe pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu. Tawasindikiza monga anawayankhulira, popeza ambiri amene sanathe kubwera anapempha kuti awaone.)



A komiti atandipempha kuti ndiyankhule za ndalama, ndinayamba ndakana. Aphunzitsi athu a masamu ali pompano, ndipo akukumbukira bwino kuti ine sindinali m'gulu la ana amene ankawanyadira. Komanso ndine wogwira ntchito m'boma, ndiye mukudziwa nokha kuti pofika pa 15 m'thumba mwanga mumakhala mutazizira kale. Koma a mlembi anati nkhani imene akufuna si ya kulemera ayi, ndi ya kutumiza ndalama kumudzi. Apo ndinavomera, chifukwa nkhani imeneyi ndaiona mbali zonse ziwiri. Ndinakhalako ku South Africa zaka ziwiri pa maphunziro, ndikutumiza ndine. Tsopano mng'ono wanga ali ku Joni, akugwira ntchito pa malo ena okonzera magalimoto, ndipo ine ndakhala pakati: ndalama zimachokera kwa iye, madandaulo amachokera kumudzi kwathu ku Dedza, zonsezo zimakumana pa foni yanga.

Kutumiza ndalama kuchokera ku Joni sikunayambe ndi ife. Agogo anga aamuna anapita ku migodi pa Wenela, ndipo masiku amenewo gawo lina la malipiro linkasungidwa kuti munthu adzalilandire atabwerera kuno kwawo. Boma la a Kamuzu Banda linaimitsa ulendo wa ku migodi m'chaka cha 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu athu ambiri, ndipo ngakhale unadzayambanso pa TEBA, unatheratu cha m'ma 1988. Agogowo sankafunsa za mtengo wosinthira ndalama, chifukwa panalibe posankha. Ifenso tili pa sukulu tinkangodikira positala oda, dzina likaitanidwa pa asembule n'kuthamangira ku positi ofesi. Lero njira zachuluka. Kuli Mukuru, Mama Money, Hello Paisa, Western Union, MoneyGram, WorldRemit, kuli mabanki, ndipo ndalama zikhoza kugwera pa Airtel Money kapena pa Mpamba munthu ali m'munda. Kuchuluka kwa njiraku ndi kwabwino, koma kwatipatsa ntchito imene agogo analibe, ntchito yowerengera.

Ndiyambe ndi chinthu chimene ine ndinatha chaka chathunthu ndisakuchidziwa. Kampani yotumiza ndalama imadya pawiri. Poyamba pali ndalama yotumizira, imene amailemba poyera ndipo aliyense amaiona. Kachiwiri pali reti, ndiye kuti makwacha amene akukupatsani pa randi imodzi. Pachiwiripa ndi pamene pamabisala nkhani. Kampani ikhoza kulengeza kuti kutumiza n'kwaulere, inu n'kusangalala, koma iyo yatsitsa reti ndi makwacha angapo pa randi iliyonse. Makwacha angapo pa randi imodzi saoneka kanthu, koma muwachulukitse ndi 2,000.

Ndikupatseni chitsanzo. Manambala amene ndinenawa ndawazunguliza dala kuti masamu asativute, ndipo si mitengo ya kampani ina iliyonse lero, chifukwa mitengo imasintha ngakhale tsiku limodzi lomwelo. Tiyerekeze kuti mng'ono wanga ali ndi R2,000 m'manja, zonse ndi zomwezo, ndipo reti ya pakati, imene ilibe phindu la wina aliyense, ndi K100 pa randi. Pakanakhala kuti palibe wodya, amayi akanalandira K200,000.

Kampani yoyamba ikuti yotumizira ndi R60, reti ndi K95. Tichotse R60, patsala R1,940. Tikachulukitsa ndi 95 tipeza K184,300. Kampani yachiwiri ikuti kutumiza n'kwaulere, koma reti yake ndi K91. R2,000 yonse kuchulukitsa ndi 91 ndi K182,000. Kampani yachitatu ndi imene imaoneka yodula, yotumizira ndi R120, koma reti yake ndi K99. Patsala R1,880, kuchulukitsa ndi 99, tipeza K186,120.

Mwaona pamenepo. Yaulere ija ndiyo yadya zambiri, K18,000 pa K200,000, ndiye kuti K9 pa K100 iliyonse. Yooneka yodula yadya K13,880, pafupifupi K7 pa K100 iliyonse. Kusiyana kwa ziwirizi ndi K4,120 pa ulendo umodzi. Wina anena kuti n'zochepa. Koma munthu wotumiza mwezi ndi mwezi, pakutha pa chaka wataya K49,440, osaona ngakhale tsiku limodzi pamene zinatayikira. Ine chaka changa choyamba ndinali kasitomala wokhulupirika wa mawu oti "ulere", digiri ya ku Chancellor College ili pakhoma.

Tsono funso lofunsa ndi limodzi lokha, ndipo muzilifunsa mofanana kwa onse: ndikakupatsani R2,000, zonse pamodzi, amayi alandira makwacha angati? Ndikuti zonse pamodzi chifukwa ena yotumizira amaichotsa pa ndalama imene mwapereka, pamene ena amaiwonjezera pamwamba, kotero kuti mumatuluka mu shopu mutalipira R2,120 inu mukuganiza kuti mwatumiza pa mtengo womwewo. Makampani ambiri amakuonetsani makwacha olandira musanalipire, pa foni pomwepo, ndipo kufunsa sikulipiritsa. Mukatenga makwachawo n'kuwagawa ndi marandi onse amene atuluka m'thumba mwanu, mupeza reti yeniyeni. Pa chitsanzo chathu yoyamba ili pa K92, yachiwiri pa K91, yachitatu pa K93. Reti ya boma ya tsikulo a Reserve Bank of Malawi amailemba pa tsamba lawo la intaneti, ndipo ndi pomwe mungaonere kuti akudyerani zingati. Chinanso, reti imene akuuzani imakhala ndi nthawi yake. Mukapanga oda lero n'kukalipira ku shopu patapita masiku, mukhoza kupeza kuti oda ija yatha ntchito ndipo reti ndi ina.

Kuti mudziwe ngati akukuderani kapena ayi, nayi miyeso. A World Bank akhala akupeza kuti pa dziko lonse kutumiza madola 200 kumadya pafupifupi 6 pa 100 iliyonse, kutumiza ku maiko a kuno kummwera kwa Sahara kumayandikira 8, ndipo South Africa ili m'gulu la maiko odula kwambiri kutumizirako ndalama kuchokera kumeneko. Maiko a m'bungwe la United Nations anagwirizana m'chaka cha 2015 kuti pofika 2030 mtengowu utsike kufika pansi pa 3 pa 100 iliyonse. Ndiye mukawerengera n'kupeza kuti akudyerani 10 kapena kuposa, funsani kwina.

Koma masamu sathera pamenepo, ndipo apa ndi pamene ife a m'tauni timalakwa. Ndalama sinafike ikafika ku Malawi. Yafika ikalowa pa mfundo ya chitenje cha amayi. Tibwerere ku chitsanzo chija. Tinene kuti kampani yachitatu, imene inapambana, imapereka ndalama pa windo pa boma pokha. Amayi akwere kabaza kukafika pa msewu, akwere minibasi, kupita ndi kubwera K7,000. Pa K186,120 patsala K179,120, osawerengera tsiku lonse la kumunda limene lapita, ndi mantha a mayi wachikulire woyenda ndi ndalama m'minibasi. Kampani yoyamba imaika ndalama pa foni. Ejenti ali pa msika wa pafupi, woyenda wapansi, ndipo tinene kuti yotapira ndi K3,500. Pa K184,300 patsala K180,800. Imene inali yachiwiri pa pepala yakhala yoyamba kumudzi. Kwa munthu wolandira ali ku Lilongwe kapena ku Blantyre yankho likhoza kutembenukanso. N'chifukwa chake wina akandifunsa kuti kampani yabwino ndi iti, ine ndimayamba ndamufunsa kuti wolandirayo amakhala kuti.

Ya pa foni nayo ili ndi minga yake. Ejenti wa kumudzi nthawi zambiri sakhala ndi ndalama zambiri m'kabati. Mukafika ndi K180,000 amati ali ndi theka, enawo mubwere mawa, ndipo kutapa kawiri n'kulipira kawiri. Ife tinaphunzira kumuuziratu ejenti dzulo lake. Ndiponso nambala ya chinsinsi ikhale ya amayi okha. Gogo akamapereka foni kwa mdzukulu kuti "tandionere", n'kumuuzanso nambala, musadabwe mayunitsi akamagulidwa usiku.

Pa za windo ndili ndi mlandu wanga. Ulendo wanga woyamba kutumiza, ndinalemba dzina la amayi monga ndimalidziwira, ndi dzina la malemu abambo kumapeto. Pa chiphaso cha unzika, chimene analembetsa m'chaka cha 2017, pali dzina la kwawo kwa makolo awo. Anafika pa windo, mtsikana anayang'ana chiphaso, anayang'ana makina, nati si inu. Amayi anabwerera chimanjamanja, ndalama ya ulendo itapita, ndipo madzulo ake anandifunsa pa foni kuti, "Kodi mwananga, sukulu yonse ija sunaphunzire dzina la mai wako?" Mtsikanayo sanalakwe, anatsata lamulo. Musanatumize, pemphani wina ajambule chiphaso, mukopere dzina chilembo ndi chilembo, muonenso ngati chiphasocho sichinathe masiku. Ndipo uthenga ukabwera woti "musatumizenso pa nambala yakale ija, tumizani pa iyi", imbani kaye mumve mawu a mwini wake. Akuba a pa foni amadziwa mabanja amene ali ndi mwana ku Joni.

Tsopano ndikhudze nkhani imene ena mukuyembekeza, ndaona mukumwetulira kumbuyoko. Aliyense akudziwa kuti pali anthu, ena oyenda ndi mabasi, ena amalonda, amene amati mundipatse marandi kuno, mnzanga akapereka makwacha ku Lilongwe, ndipo reti yawo imaposa ya makampani ndi patali. Sindinama, kusiyanako n'koona, ndipo kumachokera pa kusowa kwa ndalama zakunja m'dziko muno. Wamalonda amene walephera kupeza marandi ku banki amalolera kuwagula modula. Munthu wolandira zochepa ku Joni akasankha njira imeneyi sindimutcha chitsiru. Koma ndiyenera kunena zinthu ziwiri. Choyamba, kusintha ndalama kwa munthu wopanda chilolezo n'kosemphana ndi malamulo a dziko lino. Chachiwiri ndi chimene chinatichitikira ife.

Mlongo wathu atagonekedwa m'chipatala, panafunika ndalama ya mankhwala ogula ndi ya womudikirira. Mng'ono wanga anapereka R3,000 kwa munthu amene anzake onse ankamukhulupirira. Ndinauzidwa kuti ndilandira mawa lake. Mawa linafika, foni yosayankhidwa. Tsiku lachitatu anandiuza kuti katundu wagwidwa pa Mwanza, ndidikire. Ndinalandira theka patatha sabata, theka linalo patatha masabata asanu. Ndalama sinabedwe, inafika yonse, pa reti yabwino ndithu. Koma pofika nthawiyo ine ndinali nditakongola kale kwa wakatapila kuti mlongo wathu alandire mankhwala, ndipo chiwongoladzanja chinadya phindu lonse lija n'kupitirira. M'masabata asanu amenewo ndinalibe lisiti, ndinalibe ofesi yokadandaulako, ndipo sindikanapita ku polisi kukanena kuti andibera pochita chinthu choletsedwa. Kampani ya chilolezo imakupatsani nambala ya oda, ndipo zikasokonekera pali pogwira. Gawo lina la ndalama imene imadya ija mumagula chimenechi.

Palinso funso la nthawi: kodi ndi bwino kutumiza pang'onopang'ono kapena kamodzi? Kumene yotumizira ili ndi malire a pansi, tindalama tating'ono timadula zedi. Ngati yotumizira singatsike pansi pa R30, kutumiza R200 n'kutaya 15 pa 100 iliyonse, ndipo wotumiza R200 kanayi pa mwezi walipira R120, pamene akanaphatikiza R800 yonseyo mwina akanalipira theka lake. Ndiye pa za chakudya cha pamwezi, kamodzi n'kwabwino. Koma pa ndalama yaikulu ya chitukuko nkhani imatembenuka, ndipo apa ndiulula tchimo langa lachiwiri.

Mu Okotobala 2023 mng'ono wanga anatumiza R10,000 ya malata a nyumba ya amayi. Nthawi imeneyo randi inali pa K60 ndi pang'ono, ndiye ndinalandira makwacha opitirira pang'ono 600,000. Anandiuza kuti ndigule malata sabata yomweyo. Ine ndinati tidikire mmisiri amalize kuyeza denga. Chilungamo chake n'chakuti ndinabwerekako K100,000 kuti ndithane ndi vuto la kunyumba kwanga, ndi maganizo oti ndibweza malipiro akatuluka. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Randi inakwera kufika cha m'ma K90. Marandi omwewo akanakhala kuti akadali ku Joni akanabala makwacha pafupifupi 900,000. Malata akanakhala kuti ndinagula, bwenzi ali pa denga. Ine ndinali ndi makwacha m'manja, ndipo m'mashopu mitengo inasinthidwa m'masiku ochepa. Amayi anagona m'nyumba yodontha dzinja lina lathunthu. Kwacha inali itagwetsedwapo kale mu Meyi 2022 ndi 25 pa 100 iliyonse, kotero sindinganene kuti sindinachenjezedwe. Kuyambira pamenepo lamulo la pa banja pathu n'lakuti ndalama ya simenti, malata kapena fetereza imakhala m'marandi mpaka tsiku limene tapeza katundu ndi mtengo wake, ndipo ikafika imagona usiku umodzi wokha.

Amayi ndi abambo, zonse ndanenazi ndi zopepuka poyerekeza ndi zimene zatsala. Reti ikhoza kukudyerani 9 pa 100. Kusamvana pa banja kukhoza kudya 100 yense, ndi chibale chomwe.

Vuto limayambira pa masamu omwewa. Kumudzi akamva kuti R2,000 ndi makwacha oyandikira 200,000, amaona ngati mwana wawo akutola ndalama pansi. Palibe amawauza kuti nyumba, thiransipoti ndi ufa za ku Joni nazonso zimalipiridwa m'marandi. Ine ndemwe, amene ndinakhalako, ndinaiwala. Uthenga ukabwera kuchokera kumudzi ndinkangoupititsa kwa mng'ono wanga monga kalata ya mu ofesi: malume akufuna fetereza, mwana wa mlongo akufuna fizi ya koleji, kuli chiliza cha abambo. Iye ankangoti "chabwino achimwene", ndalama n'kubwera. Ndinkanyadira kuti mwana ali bwino. Tsiku lina mnzake wogona naye chipinda chimodzi anandiimbira, nati, "Akulu, mng'ono wanuyu mumupha. Ya chiliza ija anakongola kwa mashonisa." Mashonisa ndiye akatapila a kumeneko. Nditamufunsa, anandiwerengera. Ankalandira R6,500. Chipinda R1,800, thiransipoti R1,200, chakudya R1,500. Zotsala R2,000, ndipo ndi zomwezo ankatumiza mwezi ndi mwezi, osasunga ngakhale randi imodzi, munthu amene ntchito yake ilibe penshoni. Chilichonse choposa pamenepo inali ngongole. Ndinamufunsa kuti bwanji sunanene. Anati, "Ndikanena kuti ndilibe, kumudzi adzati ndatchona."

Sindikunyoza abale athu. Ambiri a ife m'chipinda chino tinaphunzira chifukwa malume anagulitsa mbuzi, kapena mlongo anasiya sukulu kuti fizi ikwanire mmodzi. Kwathu mwana wa mlongo ndi udindo wa malume, ndipo ine ndi mng'ono wanga ndife amalume tsopano. Chibale ndi fupa, sichiola, amatero akuluakulu. Koma ndinaona kuti chimene chinkatipha si kupempha kwa abale ayi, ndi kusanena zoona kwa ife. Pali mawu amodzi amene ndikupemphani muwachotse pakamwa panu, mawu oti "ndiona". Inu mukanena "ndiona" mumatanthauza kuti ndilibe koma ndikuchita manyazi. Wakumudzi amamva kuti zatheka, ndipo amapita kukatenga katundu pa ngongole kwa wagolosale, akutchula dzina lanu. Mwezi ukatha mumakhala muli ndi ngongole imene simunatenge, ndi dzina la wabodza pamwamba.

Pa Khirisimasi ya chaka chimenecho mng'ono wanga anabwera, ndipo tinakhala pansi pa khonde, amayi, malume, alongo awiri ndi ife. Ndinapempha mng'ono wanga kuti anene malipiro ake ndi zimene amawononga, onse akumva. Kunali kovuta, chifukwa kwathu mwamuna satchula malipiro ake pagulu. Atamaliza kunali zii. Malume ndiwo anayamba kuyankhula. Anati, "Nanga mphwanga, masuti umajambulitsa aja?" Iye anati, "Malume, ija ndi suti imodzi, ndipo ndi ya mnzanga." Tinaseka tonse, koma amayi sanaseke.

Tinagwirizana zinthu zochepa, ndipo ndizinena monga zilili, osati kuti banja lililonse litengere. Ya amayi ya pamwezi ili ndi mlingo wake wodziwika, R800, imapita pa foni yawo mwachindunji sabata yoyamba ya mwezi, osadzera kwa ine. Izi ndinapempha ndekha, chifukwa cha malata aja. Munthu wa pakati, ngakhale akhale wopemphera chotani, ndalama ya wina ikagona m'thumba mwake pa 20 mwezi, imayamba kuoneka ngati ngongole yopanda chiwongoladzanja. Zinthu za pa nyengo tinazilemba pa kalendala, chifukwa sizidzidzimutsa munthu. Aliyense amadziwa kuti fetereza amafunika mvula isanagwe, kuti chimanga chimatsika mtengo anthu akangokolola ndipo chimakwera mu Januwale ndi Febuluwale. Ndiye chimanga cha amayi timagula pa nthawi yokolola n'kuthira mankhwala, m'malo motumiza ndalama mwezi wa njala thumba litakwera. Mng'ono wanga amapatula R500 mwezi uliwonse m'marandi kuti idikire zimenezi, ine ndimaika gawo langa m'makwacha. Fizi ya mwana wa mlongo imapita ku akaunti ya koleji, lisiti n'kujambulidwa kuti onse aone. Sikuti mwanayo ndi wakuba. Koma ndalama ya fizi ikafika pakhomo tsiku limene kulibe ndiwo ndi sopo, imachepa popanda woba.

Za matenda ndi maliro tinachita mosiyana. Izi sizidikira reti yabwino, ndipo munthu wothamanga amalipira mtengo uliwonse. Ndiye tili ndi kathumba kakang'ono ka makwacha kuno, pa akaunti imene timasainira awiri, ine ndi mlongo wamkulu, ndipo aliyense wa ife anayi amaponyamo, ngakhale alongo amene amagulitsa tomato. Tikudziwa kuti makwachawo amafooka akamakhala, n'chifukwa chake kathumbako n'kakang'ono dala. Koma zovuta zikagwa usiku sitidzutsanso mwana ku Joni kuti athamangire kwa mashonisa. Ndipo chifukwa alongo amaponyamo, iwonso amafunsa ndalama ikamatuluka, zimene kale sankachita pamene inali "ya ku Joni".

Zotsala, R700, ndi zake mng'ono wanga, amasunga. Poyamba ena anaona ngati kumana. Ndinawafunsa kuti, tsiku limene adzabwere atadwala, kapena ntchito itatha, adzamusamala ndani, ndipo ndi chiyani? Tonsefe tikuwadziwa anthu amene anamanga nyumba za abale onse ali ku Joni, n'kubwera kudzagona m'khitchini.

Musaganize kuti zonse zinayenda myaa. Patapita miyezi itatu malume anandiimbira, nati, "Mphwanga, njinga yanga yatha matayala, tauzako mng'ono wako." Pakamwa panga panafika "ndiona", ndinachita kumeza. Ndinati, "Malume, pepani, mwezi uno sizitheka, ndipo kwa mng'ono wanga sindinena. Mu Juni ndikalandira ya ulendo wa ku ntchito ndidzagula tayala limodzi ine." Anadula foni osatsanzika. Sanandiyankhule miyezi iwiri, ndipo ndinamva kuti ankauza anthu kuti ana a masiku ano sukulu inawaphunzitsa kuwerengera abale. Zinandiwawa, chifukwa mbuzi imene inandilipirira Fomu 1 inali yawo. Mu Juni ndinapita nalo tayala ndekha. Analandira, nayang'ana, nati, "Linalo liti?" Ndinati mu Seputembala. Anati chabwino. Panopa akapempha amafunsa okha kuti, "Ndi za mwezi uno kapena ndilembetse?"

Bambo wapampando, ndisanakhale pansi ndili ndi pempho kwa a msungichuma. Anzathu a ku Joni, ku Ulaya ndi ku Amereka akhala akutumiza zopereka za ntchito yokonza laibulale ya pa sukulu pathu, ndipo chaka chatha panali kusamvana chifukwa wina anati anatumiza zokwanira pamene buku likuonetsa zoperewera. Onse awiri ankanena zoona. Wotumiza ankawerenga zimene zinatuluka m'thumba mwake, a msungichuma ankawerenga zimene zinalowa mu akaunti. Ndikupempha kuti chopereka chizilengezedwa m'makwacha olandira, wotumiza azitumizanso chithunzi cha lisiti, ndipo anzathu a mzinda umodzi aziphatikiza n'kutumiza kamodzi. Amene mukufuna kuti tiwerengere limodzi za kwanu, ndabwera ndi kakyuleta, mundipeza pa tebulo la pakhomo nthawi ya tiyi.